Tahajudi: nthawi imene ndimadzuka, maraka amene ndimaswali ndi zimene ndimapempha

Asalamu alaikumu, abale ndi alongo anga m'Chisilamu. Amayi anzanga angapo amene timaphunzira limodzi kumadirasa akhala akundifunsa za swala ya tahajudi, ndipo ndaona kuti ambiri akuiopa chifukwa anauzidwa kuti munthu ayenera kudzuka pakati pa usiku ndi kuimirira mpaka kucha. Ine ndine mayi wa ana, ndimasoka zovala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo m'mawa ana amafuna phala, masana makina amandidikira. Tahajudi imene ndimakwanitsa ndi yaifupi, koma yakhazikika m'nyumba mwanga kwa zaka ndithu. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene imayendera.

Ndinaiyamba nthawi imene mayi anga ankadwala matenda aakulu, ine ndili ndi ngongole ya nsalu za yunifomu zimene ndinatenga kwa mwini sitolo wina ku Limbe. Tulo sitinkabwera. Ndinkangotembenuka pamphasa, kuwerengera ndalama zimene ndinalibe. Nditawadandaulira ashehe a pamzikiti wathu, anandiyankha kuti, "Amayi, popeza mukudzuka kale, dzukani ndi udhu." Kenako anakhala nane pansi pamodzi ndi bambo a kunyumba n'kutilongosolera zonse, kuyambira nthawi yake.

Tahajudi ndi swala ya suna, si faradhi, ndipo woisiya sapeza tchimo. Allah anaitchula m'Kurani, mu Sura Isira ndime 79, pamene anauza Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) kuti adzuke mbali ina ya usiku ndi kuswali, ikhale yoonjezera kwa iye. Nthawi yake imayamba munthu akaswali Isha ndipo imatha Fajiri ikalowa. Mashehe ambiri, makamaka a mazihabu a Shafii amene ambiri a ife kuno timatsatira, amati kuti itchedwe tahajudi munthu ayambe wagona kaye, ngakhale tulo tochepa. Ukaswali usiku usanagone, imeneyonso ndi swala ya usiku ndipo malipiro ake alipo. Choncho mlonda, namwino wa usiku kapena mayi amene mwana wamukaniza kugona asaganize kuti khomo lamutsekera.

Nthawi yopambana zonse ndi gawo lachitatu lomaliza la usiku. Abu Huraira anasimba kuti Mtumiki anati pa nthawi imeneyo Mbuye wathu amatsikira ku thambo loyandikira dziko lapansi n'kumati: ndani akundipempha kuti ndimuyankhe, ndani akufuna kanthu kwa Ine kuti ndimupatse, ndani akupempha chikhululuko kuti ndimukhululukire. Hadisi imeneyi ili mwa Bukhari ndi Musilimu. Vuto ndi lakuti ambiri timangomva kuti "gawo lomaliza" osadziwa kuti pa wotchi ndi nthawi yanji, ndiye wina amati 3 koloko, wina amati tambala woyamba.

Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Usiku umayamba pa Magharibi, osati pa Isha, ndipo umatha pa Fajiri, osati dzuwa likatuluka. Tengani kalendala ya nthawi za swala ya pamzikiti wanu, muwerenge maola a pakati pa nthawi ziwirizi, muwagawe patatu, ndipo gawo limodzilo mulichotse pa nthawi ya Fajiri. Kuno ku Blantyre mwezi wa Juni, Magharibi imalowa cha m'ma 5:20 madzulo ndipo Fajiri cha m'ma 4:50 m'bandakucha. Pakati pake pali maola 11 ndi theka. Kugawa patatu, gawo lililonse ndi maola 3 ndi mphindi 50. Mukachotsa zimenezi pa 4:50 mupeza 1 koloko usiku. Ndiye kuti m'nyengo yozizira gawo lomaliza limayamba 1 koloko. Mwezi wa Disembala usiku umafupika: Magharibi cha m'ma 6:10, Fajiri cha m'ma 3:45, ndipo gawo lomaliza limayamba cha m'ma 12:30. A ku Lilongwe, Mangochi kapena Karonga apeza kusiyana kwa mphindi zingapo, n'chifukwa chake ndikuti mugwiritse kalendala ya kwanu.

Chimene chinandimasula mtima ndi ichi: gawo lomalizali ndi lalitali, limaposa maola atatu, ndipo simukuyenera kudzuka pamene likuyamba. Mukadzuka patatsala mphindi 40 kuti Fajiri ilowe, muli m'kati mwake ndithu, mofanana ndi amene anadzuka 1 koloko. Ine ndimatchera alamu ya foni pa nthawi imeneyo. Mphindi khumi zimapita pa kudzuka, kupita kuchimbudzi ndi kupanga udhu, mphindi makumi awiri pa swala, zotsalazo pa duwa. Azana ikamveka ndimaswali maraka awiri a suna ya Fajiri, kenako Fajiri yeniyeniyo, n'kuyamba kukoleza moto. Kudzuka kumakhala kumodzi kokha. Amene amadzuka 1 koloko n'kugonanso 2 koloko, ambiri amadzapezeka kuti Fajiri yawadutsa ali m'tulo, ndipo kumeneko ndi kutaya faradhi chifukwa cha suna. Ngati muona kuti tahajudi yanu ikukuchedwetsani pa Fajiri, dziwani kuti nthawi imene mwasankha si yanu, isunthireni kufupi ndi m'bandakucha.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi alamu imene sisintha chaka chonse. Wina amaitchera 4 koloko mu Juni, ndipo zimayenda bwino chifukwa Fajiri ili 4:50. Pofika Novembala ndi Disembala, 4 koloko imeneyo Fajiri inalowa kale, ndiye iye akuswali maraka ake akuganiza kuti udakali usiku pamene nthawi yatha. Ine mwezi uliwonse ukayamba ndimayang'ana kalendala n'kusuntha alamu.

Za kugona msanga sindichulutsa mawu, poti tonse tikudziwa. Mtumiki sankakonda kucheza pambuyo pa Isha. Nsima yambiri usiku ndi foni m'manja pogona ndiye adani a tahajudi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amazizira koopsa kuno, choncho ndimasiya madzi ofunda mu fulasiki madzulo kuti ndisamaope udhu. Palibe choletsa kupanga udhu ndi madzi ofunda.

Tsopano maraka. Apa ndi pamene anthu amakangana kwambiri, ena akuti ndi 8, ena 11, ena 13. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) anafunsidwa za swala ya usiku ya Mtumiki, ndipo anayankha kuti sankapyola maraka 11, kaya m'Ramadhani kaya kunja kwake. Ibunu Abasi, amene anagona usiku wina kunyumba kwa mayi ake aang'ono, Maimuna, mkazi wa Mtumiki, anawerenga maraka 13. Zonsezi ndi zoona, ndipo mashehe ena amalongosola kuti awiri oonjezerawo ndi aja opepuka amene Mtumiki ankatsegulira swala yake. Koma munthu wina atamufunsa Mtumiki mwiniwake kuti swala ya usiku imaswalidwa bwanji, sanamupatse chiwerengero. Anati swala ya usiku ndi awiriawiri, ndipo ukaopa kuti kukucha, swali raka imodzi ikhale witiri ya zimene waswali. Ndiye kuti maraka awiri okha ndi tahajudi yokwanira, ndipo 11 ndi chizolowezi cha Mtumiki chimene tikulakalaka kuchifikira.

Ine ndinayamba ndi awiri okha ndi witiri. Masiku ano kawirikawiri ndimaswali motere. Ndikapanga udhu ndimayang'ana kibula, ndimaika niya mumtima kuti ndikuswali maraka awiri a suna ya tahajudi, ndipo awiri oyambawa ndimawapepukitsa: Fatiha ndi sura yaifupi, monga Kafiruna ndi Ikhilasi. Amenewa amachotsa tulo m'maso. Ndikapereka salamu ndimaimanso awiri ena, amenewa ndiye ndimawatalikitsa, ndimawerenga zimene ndinaloweza modekha, ndipo pa sijida ndimakhalitsa. Ngati nthawi ilipo ndimaonjezera awiri ena. Pomaliza witiri maraka atatu: awiri, salamu, kenako imodzi. Ndikamaliza ndimanena "Subuhanal Malikil Kudusi" katatu, monga ankachitira Mtumiki. Abale athu a mazihabu a Hanafi, amene mungawapeze m'mizikiti ina ya m'tauni, amaswali witiri maraka atatu molumikiza ndi salamu imodzi, ndipo kwa iwo witiri ndi wajibu. Musadabwe mukaona zimenezo, ndipo musawadzudzule.

Amene sanaloweze sura zambiri asachite manyazi. Palibe sura imene inaikidwa kuti ndiyo ya tahajudi. Ngati mukudziwa Fatiha ndi sura zitatu zomaliza, bwerezani zomwezo. Mutha kuwerenganso sura ziwiri kapena zitatu m'raka imodzi. Mawu akhale apakatikati. M'nyumba zathu zachipinda chimodzi kapena ziwiri, wina amadzuka n'kumawerenga mokweza mpaka ana ndi oyandikana nawo kudzuka, ndipo zimenezo si zabwino. Werengani mwakuti mudzimve nokha. Ngati mawondo akuvuta kapena muli oyembekezera, swala ya suna imaloledwa kuswali chokhala. Wokhala pansi ali ndi mphamvu zoimirira amapeza theka la malipiro, koma wokhala chifukwa cha matenda malipiro ake ndi athunthu.

Funso limene amayi amandifunsa kuposa onse ndi la witiri: kodi ndiswali ndisanagone kapena ndidikire? Jabiri anasimba yankho la Mtumiki pa nkhani imeneyi, ndipo lili mwa Musilimu. Amene akuopa kuti sadzuka kumapeto kwa usiku aswali witiri kumayambiriro, ndipo amene akudzidalira kuti adzuka aichedwetse, chifukwa kumapeto ndiko kwabwino koposa. Abu Bakari ankaswali witiri asanagone, Umaru ankaichedwetsa, ndipo Mtumiki anayamikira onse awiri. Kwa amene akungoyamba, ine ndimati swalini witiri mukatha Isha, mugone mtima uli m'malo. Mukadzuka usiku, swalini tahajudi awiriawiri basi, osabwerezanso witiri, pakuti Mtumiki anati palibe mawitiri awiri m'usiku umodzi. Ena amaganiza kuti ukaswali witiri ndiye kuti watseka usiku, sungaswalinso. Si choncho. Mtumiki mwiniwake nthawi zina ankaswali maraka awiri pambuyo pa witiri. Zimenezi zimathandiza kwambiri m'Ramadhani: mwaswali tarawehe ndi witiri pambuyo pa imamu, mwadzuka kukaphika daku, madzi ali pamoto, mutha kuswali maraka awiri kapena anayi popanda vuto.

Nanga azana ikakupezani muli pakati? Ngati muli m'raka yachiwiri, malizani mopepuka. Ngati mwadzuka mochedwa n'kuona kuti kwatsala mphindi zisanu ndipo witiri simunaswali, swalini raka imodzi ya witiri. Fajiri ikangolowa, tahajudi yatha, chotsala ndi maraka awiri a suna ya Fajiri. Ndipo ngati tulo takugonjetsani usiku wonse, musataye mtima. Mayi Aisha anati Mtumiki akaphonya swala ya usiku chifukwa cha tulo kapena matenda, ankaswali maraka 12 masana. Ine ndikaphonya ndimabweza m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, chiwerengero chosatsala ndi raka yapayokha: ngati ndimaswali asanu, ndimabweza asanu ndi limodzi.

Palinso malire amene Mtumiki anaika, ndipo ndimawakonda chifukwa akusonyeza chifundo chake. Anati munthu akayamba kusinza ali pa swala, agone mpaka tulo tithe, chifukwa mwina angafune kupempha chikhululuko n'kupezeka akudzitukwana. Tsiku lina analowa mumzikiti n'kupeza chingwe chomangidwa pakati pa nsanamira ziwiri. Anamuuza kuti ndi cha mayi Zainabu, amagwirira akatopa pa swala. Iye analamula kuti achimasule, munthu aziswali pamene ali ndi mphamvu, akatopa akhale pansi. Chizindikiro chakuti mwapyola muyezo ndi chosavuta kuchiona: simukukumbuka kuti muli m'raka yachingati, mukubwereza ndime imodzi osadziwa, kapena masana mukukalipira ana ndi makasitomala. Zikatere chepetsani maraka, koma musasiye. Mtumiki anachenjeza Abudulahi mwana wa Amuru kuti asakhale ngati uje amene ankadzuka usiku kenako n'kusiya.

Ndifike pa duwa, pakuti ine chimene chinandidzutsa poyamba ndi chimenechi. Malo ake abwino ndi awiri m'kati mwa swala: pa sijida, ndi pambuyo pa tashahudi usanapereke salamu. Mtumiki anati kapolo amakhala pafupi kwambiri ndi Mbuye wake akakhala pa sijida, choncho chulukitsani duwa pamenepo. Koma pali mfundo imene ashehe anaitsindika kwa ine, ndipo ambiri saidziwa. Mu mazihabu a Shafii, duwa yopeka wekha m'chilankhulo china osati Chiarabu ukainena ndi pakamwa m'kati mwa swala, swalayo imaonongeka. Mashehe ena a mazihabu ena amalola, makamaka kwa amene sadziwa Chiarabu. Ine ndinasankha njira yopanda chikaiko: pa sijida ndimanena maduwa aafupi a Chiarabu amene ndinaloweza ndi tanthauzo lake, mtima uli pa vuto langa, ndipo ndikapereka salamu ndimakweza manja n'kuyankhula ndi Allah m'Chichewa, nthawi zina m'Chiyao cha kwathu, mmene mtima ukufunira. Kunja kwa swala palibe shehe amene amaletsa zimenezo.

Maduwa a Chiarabu amene ndinayamba nawo anali ogwirizana ndi zimene zinkandisautsa. Pa ngongole ndinkanena imene Ali anaphunzitsa munthu wina wolemedwa ndi ngongole, atailandira kwa Mtumiki: "Allahuma ikifini bihalalika ani haramika, wa aghinini bifadhilika amani siwaka." Tanthauzo lake ndi lakuti, Ambuye Allah, ndikwaniritseni ndi zololedwa zanu kuti ndisafune zoletsedwa, ndipo mundilemeretse ndi ubwino wanu kuti ndisadalire wina aliyense. Pa rizki ndinkanena mawu a Mneneri Musa atafika ku Madiyana wopanda kanthu, amene ali mu Sura Kasasi ndime 24: "Rabi ini lima anzalita ilaya mini khairini fakiru," Mbuye wanga, ine ndine wosowa pa chabwino chilichonse chimene munganditsitsire. Pa mayi anga, ndime 24 ya Sura Isira: "Rabi irihamuhuma kama rabayani swaghira," Mbuye wanga, achitireni chifundo makolo anga monga anandilera ndili wamng'ono. Kuwerenga Kurani pa rukuu ndi pa sijida Mtumiki analetsa, koma ndime zimene zili maduwa, ukazinena ndi niya yopempha osati yowerenga, mashehe amalola. Katchulidwe kake kaphunzireni pakamwa pa mwalimu, chifukwa zilembo zathu sizikwanitsa kulemba mawu onse a Chiarabu.

Duwa ya m'Chichewa ija ili ndi dongosolo lake, ngakhale mawu ndi anu. Mtumiki anamva munthu akupempha osayamba watamanda Allah kapena kupempherera Mtumiki madalitso, ndipo anati wafulumira. Ndiye ndimayamba ndi Alihamudulilahi, ndimanena swalawati, kenako ndimapempha chikhululuko, chifukwa Kurani imayamikira anthu opempha chikhululuko m'bandakucha. Pambuyo pake ndimatchula chinthucho ndi dzina lake. Masiku a ngongole ndinkati, "Ambuye Allah, Inu mukudziwa ndalama zimene ndikuyenera kubweza ndi tsiku limene ndinalonjeza. Nditumizireni ntchito yahalali, mufewetse mtima wa mwini sitolo uja, ndipo munditeteze ku katapila." Za katapilazi ndinkazitchula dala, pakuti anzanga ankandiuza kuti ndikatenge kuti ndithane nazo msanga, ndipo ndinkadziwa kuti riba ndi haramu. Mtumiki anasimba za munthu wapaulendo wautali, wokweza manja kumwamba, koma chakudya chake ndi chovala chake ndi zaharamu, ndipo anafunsa kuti angayankhidwe bwanji. Choncho duwa ya usiku imayenda limodzi ndi mmene ukupezera ndalama masana.

Pali zopempha zimene sizoyenera. Duwa yopempha tchimo kapena kudula chibale siyankhidwa. Izi ndikunena makamaka kwa ife amayi, chifukwa usiku mtima ukawawa n'kosavuta kutchula apongozi, mkazi mnzako kapena mwana wako wosamvera ndi mawu otemberera. Mtumiki analetsa kudzitemberera, kutemberera ana ndi chuma chathu, kuopa kuti mawuwo angakumane ndi nthawi yoyankhidwa. Mwana akakukhumudwitsani, mupemphereni chiongoko. Musanenenso kuti "mundikhululukire ngati mukufuna," pemphani motsimikiza. Ndipo muzikumbukira m'bale wina amene palibe pamenepo, pakuti ukamupempherera mnzako iye osadziwa, mngelo amati amina, nawenso ulandire chimodzimodzi.

Ngongole ija sinathe usiku umodzi. Ndinapita kwa mwini sitolo kukamuuza zoona, anavomera kuti ndizibweza pang'onopang'ono, ndipo sukulu zitatsegulira ntchito ya yunifomu inachuluka mpaka ndinamaliza. Mayi anga sanachire, Allah anawatenga chaka chomwecho. Ndikulemba izi chifukwa pali ena amene amalonjeza anthu kuti ukaswali tahajudi masiku akutiakuti chilichonse chimene wapempha chichitika, ndipo munthu zikapanda kuchitika amasiya n'kuswali komwe. Mtumiki sanaphunzitse choncho. Anati wopempha amapatsidwa chimodzi mwa zitatu: kupatsidwa msanga chimene wapempha, kusungiridwa ku Akhera, kapena kuchotseredwa choipa chofanana nacho. Anatinso munthu amayankhidwa pokhapokha asafulumire n'kumati ndapempha koma sindinayankhidwe. Duwa ya mayi anga sindinaisiye, inangosintha: tsopano ndimawapemphera chikhululuko ndi kuwala m'manda mwawo.

Alongo anga, masiku amene tili kumwezi kapena tangobereka sitiswali, koma duwa ndi zikiri sizoletsedwa. Ine alamu sindiizimitsa masiku amenewo. Ndimadzuka nthawi yomweyo, ndimakhala pamphasa, ndimapempha chikhululuko ndi kunena maduwa anga kwa mphindi zochepa, ndipo masikuwo akatha thupi silivutika kubwerera ku chizolowezi chake. Ngati bambo a kunyumba ali m'tulo, adzutseni mwaulemu kuti naonso aswali, ndipo inu abambo muziwadzutsa akazi anu, pakuti Mtumiki anapemphera chifundo cha Allah pa mwamuna ndi mkazi amene amadzutsana usiku kuti aswali. Koma muyambe mwagwirizana madzulo kuti mudzutsana nthawi yanji, ndipo tsiku limene mnzanu wabwera wotopa kwambiri mumusiye agone mpaka azana ya Fajiri.